Ramu imodzi ya 16 kapena ziwiri za 8?

Wogulitsa kompyuta akakuuzani kuti makinawo ali ndi ramu ya magigabayiti 16, mufunseninso kuti ramuyo ndi kachidutswa kamodzi kapena tiwiri. Kwa wosewera magemu, yankho lakelo lingasiyanitse gemu yoyenda myaa ndi gemu yodukizadukiza.

Pulosesa ya makompyuta ambiri a kunyumba ili ndi njira ziwiri zotengera zinthu ku ramu. Mukaika kachidutswa kamodzi, njira imodzi yokha ndiyo imagwira ntchito, inayo ili duu. Zili ngati mlatho wa mbali ziwiri umene mbali ina yatsekedwa: katundu alipo wambiri kutsidya, koma akuwoloka pang'onopang'ono.

Titenge ramu ya DDR4-3200. Imatumiza zinthu maulendo 3,200 miliyoni pa sekondi, ulendo uliwonse mabayiti 8. Kachidutswa kamodzi kamapereka magigabayiti 25.6 pa sekondi, pamene tiwiri timapereka 51.2.

Amene ali ndi khadi ya zithunzi yapadera savutika kwenikweni, chifukwa khadiyo ili ndi memore yakeyake. Ngakhale GTX 1650, khadi wamba, imafika magigabayiti 128 pa sekondi. Tsoka lili kwa amene chojambulira zithunzi chili m'kati mwa pulosesa momwemo, monga pa Ryzen 5 5600G ndi malaputopu ambiri otsika mtengo. Chojambulirachi chilibe memore yake, chimabwereka ku ramu. Chithunzi chilichonse cha gemu, ndi mitundu ndi mithunzi yake, chimadutsa pa njira yomwe pulosesa nayonso ikudutsapo. Njirayo ikakhala imodzi, chojambuliracho chimathera nthawi kudikira, zithunzi pa sekondi zimachepa, ndipo gemu imagwiragwira pomwe pachuluka zochitika. Kuwonjezera kachidutswa kachiwiri sikuwirikiza liwiro kawiri ndendende, koma kusiyana kwake maso amakuona.

Kuti mudziwe za makina anu, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, kenako Memory, muwerenge pa Slots used. Pakalembedwa 1 of 2, mpata wina uli wopanda kanthu. Pulogalamu ya CPU-Z imanenanso za njirazi pa tsamba la Memory. Koma samalani ndi DDR5: kachidutswa kamodzi kamaoneka ngati 2 x 32-bit, ndipo ena amasangalala msanga, chonsecho m'lifupi mwake ndi mabiti 64 omwe aja.

Palinso ogula tiwiri n'kutiika molakwika. Pa bolodi la mipata inayi, tizidutswa toyandikana nthawi zambiri timagwera pa njira imodzi. Mabolodi ambiri amafuna A2 ndi B2, mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa pulosesa, koma onani kabuku ka bolodi lanu. Tizidutswato tifanane kukula ndi liwiro, chifukwa kofulumira kamatsika n'kuyendera liwiro la kochedwa.

Ngati makina anu alibe khadi ya zithunzi yapadera, gulani ziwiri za 8, osati imodzi ya 16.