Kusiyana kwa sda ndi sdb

Usiku wina mnyamata wina wa ku koleji ankafuna kuika Ubuntu mu kompyuta yake. Anakopa pulogalamu yoikira, nasomeka fulashi kuti ailembemo, kenako analemba lamulo ili:

```
sudo dd if=ubuntu.iso of=/dev/sdb bs=4M
```

Iye ankaganiza kuti sdb ndi fulashiyo. Koma anali ataiwala kuzula disiki yakunja momwe ankasungamo ntchito ya zaka zitatu ndi zithunzi za ukwati wa mlongo wake. Linux simatchula madisiki ndi maina amene eni ake amawadziwa: imangopereka zilembo motsata imene yaonekera poyamba. Disiki yakunjayo ndiyo inali sdb, fulashi inali sdc. Ndipo dd safunsa kawiri.

Anazindikira poona kuti kanyali ka disiki yakunja kakuphethira, fulashi ili phee.

Chinamuthandiza n'chakuti dd amalemba kuyambira koyambirira kwa disiki, n'kulekeza pamene fayilo yathera. Magigabaiti ochepa oyamba anapita, pamodzi ndi kalozera wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, koma zotsalazo zinalipobe. Mnzake anamuletsa kulembamo kanthu kena kalikonse, ndipo pulogalamu ya PhotoRec inavuula zithunzi zambiri, ngakhale zinabwera zopanda maina ake. Zimene zinalembedwa pamwamba sizinabwererenso, ndipo zimenezo zimapweteka.

Masiku ano amayamba wazula madisiki onse osafunika, kenako amalemba `lsblk -o NAME,SIZE,MODEL` n'kuyang'ana kukula: fulashi ya 16 GB singafanane ndi disiki ya 1 TB.