Mukatseka golosale kuti muikonze, nenani tsiku lotsegula

Pa zitseko za magolosale ena mumapeza kapepala kongoti "Tatseka, titsegula posachedwa." Kapepala kotere sikamuthandiza mayi amene wabwera kudzagula shuga m'mawa. Akapeza loko kawiri amayamba kugula pa okala yapafupi, ndipo akazolowera kumeneko, kumubweza n'kovuta. Enanso amayamba kunong'onezana kuti bizinesi yagwa.

Chimene kasitomala akufuna ndi tsiku. Koma tsikulo musangolitenga pakamwa pa mmisiri, liwerengeni nokha.

Tiyerekeze kuti mukuthira simenti yatsopano pansi ndi kupenta makoma, ndipo mmisiri wati masiku 10 akwana. Kugumula simenti yakale ndi kuthira ina kungatenge masiku atatu. Kenako simentiyo imafuna kuithirira madzi pafupifupi masiku 7 kuti ilimbe, ndipo mukafulumira kuikapo mashelefu ndi filiji imang'aluka kapena kufumbuka. Kupenta ndi kudikira kuti fungo lituluke muwerengere masiku atatu, chifukwa ufa ndi buledi zimakoka fungo la penti. Kubwezera mashelefu ndi kupakira katundu, masiku awiri. Apa afika kale 15. Onjezerani atatu, poti mchenga utha kuchedwa, kapena mmisiri kupita kumaliro. Nthawi ya dzinja onjezerani ochulukirapo, penti amachedwa kuuma.

Ndiye chidziwitso chanu chikhale chotere: "Makasitomala athu, golosale ino idzakhala yotseka kuyambira Lolemba pa 6 Julayi chifukwa tikukonza mkati. Tidzatsegulanso Lachisanu pa 24 Julayi, 7 koloko m'mawa. Pepani chifukwa cha vutoli." Pansi pake lembani nambala ya foni imene mumayankhadi. Kutsegula pa 24 kuli ndi ubwino wake: malipiro a kumapeto kwa mwezi akupezani muli m'malo.

Chimateni pakhomo ndi pakauntala kutatsala milungu iwiri, m'zilembo zazikulu, mutachikuta ndi pulasitiki. Chiikeninso pa WhatsApp, komabe kunena pakamwa popereka chenji kumafika kutali, ngakhale kwa agogo amene sawerenga.

Pali anthu amene kapepala sikawakwanira. Amene ali m'buku la ngongole auzeni mmodzimmodzi kumene azikalipira, kaya kunyumba, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, apo ayi ngongolezo zigona. Obweretsa buledi ndi mkaka nawonso adziwe msanga tsiku lomaliza kutsitsa katundu ndi tsiku loyambiranso.

Ntchito ikachedwa ndithu, musadikire kuti anthu adzapeze loko pa 24. Mukangoona kuti sizitheka, chotsani pepala lakale, mumate lina la tsiku latsopano ndi chifukwa chake. Kusintha tsiku kamodzi anthu amamvetsa, koma mukasintha kawiri sakhulupiriranso zimene mwalemba pakhomopo.