Khoma lomwelo, mayina awiri: kalondolondo wa mbali za thirayango

Tsamiritsani makwerero a mamita 5 pakhoma la nyumba, phazi lake likhale mamita 1.4 kuchokera patsinde pa khomalo. Nsonga yake ifika mamita 4.8 m'mwamba. Apa mwapanga thirayango ya mbali zitatu: khoma, nthaka ndi makwererowo. Pamene khoma lakumana ndi nthaka pali ngodya ya madigiri 90, ija amisiri omanga amaipima ndi sikweya. Paphazi pa makwerero pali ngodya ya madigiri pafupifupi 74, pomwe kumwamba, pakati pa makwerero ndi khoma, pali kangodya kakang'ono ka madigiri 16.

M'kalasi ya masamu kusekondale, mbali zitatuzi zimapatsidwa mayina: haipotenuzi, opoziti ndi ajesenti. Ophunzira ambiri amawaloweza tsiku limodzi. Koma afunseni kuti khomalo ndi opoziti kapena ajesenti, muona ena akuyankha msangamsanga kuti ndi opoziti. Wodziwa sayankha kaye. Amayamba wafunsa kuti, "Mwaima pa ngodya iti?"

Nkhani yonse yagona pa funso limenelo. Haipotenuzi yokha ndiyo ili ndi dzina lokhazikika, chifukwa dzinalo imalitenga ku ngodya ya madigiri 90. Ndi mbali yoyang'anizana ndi ngodyayo, ndipo ndi yaitali kuposa zinzake. Pano ndi makwerero aja, kaya muli pansi kaya mwakwera. Mayina awiri otsalawo ali ngati a chibale. Mzimayi mmodzi yemweyo, mwana wake amati amayi, mkamwini wake amati apongozi. Munthuyo sanasinthe, wasintha ndi woitanayo.

Tiyambe taima paphazi pa makwerero, pa madigiri 74. Ngodya iliyonse imapangidwa ndi mizere iwiri yokumana, ndipo pano yakumana nthaka ndi makwerero. Khoma silinafikepo, lili uko likutiyang'ana. Mbali yosakhudza ngodya yathu ndiyo opoziti, choncho opoziti ndi khoma, mamita 4.8. Mwa ziwiri zokhudza ngodyayo, ina ndi haipotenuzi kale, ndiye ajesenti ndi nthaka, mamita 1.4. Sayini ndi opoziti kugawa ndi haipotenuzi, kosayini ndi ajesenti kugawa ndi haipotenuzi, ndipo ziwerengero zikutuluka chonchi:

```
sin 74° ≈ 4.8 / 5 = 0.96
cos 74° ≈ 1.4 / 5 = 0.28
```

Tsopano kwerani mukaime kunsonga, pa madigiri 16. Palibe chasuntha, makwerero ali pomwe analili. Koma kuno zakumana ndi khoma ndi makwerero, ndipo nthaka ndiyo yatsala kutali. Nthaka yasanduka opoziti, khoma lasanduka ajesenti.

```
sin 16° ≈ 1.4 / 5 = 0.28
cos 16° ≈ 4.8 / 5 = 0.96
```

Manambala ndi omwe aja, angosinthana malo. Sizinangochitika mwamwayi. Ngodya zonse za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, ndiye mukachotsapo 90, ziwiri zotsalazo zimagawana 90 winayo. Opoziti wa imodzi amakhala ajesenti wa inzake, n'chifukwa chake sayini wa 74 ndi yemweyo kosayini wa 16. Tanjenti, amene ndi opoziti kugawa ndi ajesenti, amangotembenuzika: pansi ndi 4.8 kugawa ndi 1.4, kupitirira 3, pomwe kumwamba ndi 1.4 kugawa ndi 4.8, pafupifupi 0.29.

Nanga chimasokoneza anthu n'chiyani pa nkhani yooneka yophweka chonchi? Ine ndimaloza chala zojambula zomwe timayambira kuphunzira. Kawirikawiri thirayango yoyamba imajambulidwa itakhala pansi bwinobwino, ngodya yofunsidwayo ili m'munsi. Diso limazolowera kuti mzere woimirira ndi opoziti, wogona ndi ajesenti. Mwana amakhoza mafunso khumi motero, osadziwa kuti waloweza kaimidwe ka chithunzi osati lamulo. Tsiku lomwe ngodya yaikidwa kumwamba, kapena thirayango yapendekeka, chizolowezicho chimamugwetsa. Ngakhale kanyimbo kaja ka SOH CAH TOA sikamupulumutsa. Kamangonena mbali zoti zigawidwe, osanena kuti mbalizo ndi ziti.

Onani momwe zimathera. Funso likuti makwerero ndi a mamita 5, ngodya ya pakati pa makwerero ndi khoma ndi madigiri 16, pezani msinkhu womwe afika pakhoma. Wachizolowezi uja akuti msinkhu ndi opoziti, alemba `5 × sin 16°`, kakyuleta n'kumupatsa 1.38. Kakyuleta siidandaula, chifukwa yawerengera molondola zimene yauzidwa. Koma yankho loona ndi `5 × cos 16°`, lomwe ndi 4.81. Iye wapeza mtunda wa pansi n'kuutcha msinkhu.

Cholakwachi chimagwidwa popanda kuwerengeranso. Mu thirayango iliyonse, ngodya yaing'ono imayang'anizana ndi mbali yaifupi, yaikulu ndi mbali yaitali. Kangodya ka madigiri 16 kakuyang'ana nthaka, ndiye nthaka iyenera kufupika, khoma litalike. Makwerero oima chilili chotero sangathere pa mamita 1.38, m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Malire ake ndi madigiri 45: ngodya ikachepera apo, opoziti amafupika kuposa ajesenti, ikapitirira, opoziti ndiye amatalika. Chenjerani pokhapokha ngodya ikayandikira 45. Pa madigiri 44, sayini ndi 0.69 pomwe kosayini ndi 0.72, ndipo yankho lolakwa limafanana kwambiri ndi loona moti diso silingakuthandizeni.

Pamenepo chothandiza ndi dongosolo la kalembedwe, ndipo ndondomeko yake ili ndi chifukwa. Yambani ndi kabokosi ka madigiri 90, mudumphe kupita tsidya, mulembe H. Kenako ikani chala pa ngodya yomwe mwapatsidwa kapena yomwe mukuifuna, mupeze mbali yosakhudza chalacho, mulembe O. Yotsalayo ndi A. Ajesenti azikhala womaliza, chifukwa mbali zokhudza ngodya zilipo ziwiri, ndipo woyambira pa iye amatha kutola haipotenuzi. Akatero n'kutembenuza magawidwe, amapeza sayini kapena kosayini woposa 1, chinthu chosatheka, pakuti palibe mbali yoposa haipotenuzi. Musaimenso pa ngodya ya 90 yeniyeniyo: choyang'anizana nacho ndi haipotenuzi, ndiye mayina awiri aja sagwira ntchito pamenepo. Funso likakhala ndi zigawo, gawo loyamba pa ngodya ina, lachiwiri pa inzake, fufutani O ndi A mulembenso. Kapena jambulani thirayango yatsopano. Pepala silidula ngati malikisi.

Pali msampha wina womwe umakola ngakhale osamala. Munthu ali kunsonga kwa makwerero akuyang'ana kuphazi kwake, ndipo funso likupereka ngodya yoyang'anira pansi. Ngodya imeneyi siyezedwa kuchokera kukhoma. Imayezedwa kuchokera ku mzere wogona wodutsa pamaso pa munthuyo, ndiye ili kunja kwa thirayango yathu. Kukula kwake ndi madigiri 74, osati 16. Kuti muigwiritse ntchito, isamutsireni kuphazi kwa makwerero, komwe kuli inzake yofanana nayo popeza mzere wogonawo ndi nthaka n'zolingana, sizikumana. Apo ayi ichotseni pa 90 mupeze 16 wa mkati. Njira zonse ziwiri zimafikitsa pa mamita 4.8, bola musankhe ngodya imodzi musanalembe O ndi A.