Odoo m'fakitale yaing'ono: matumba amtedza opezeka m'kompyuta mokha

Fakitale yaing'ono ikayamba kukula, makina sakhala oyamba kulephera ntchito. Oyamba kulephera ndi mabuku. Wa kusitoko ali ndi kope lake, wogulitsa ali ndi buku la malisiti, wowerengera ndalama ali ndi Excel, ndipo pakutha pa mwezi manambala a atatuwa sagwirizana. Mwini fakitale akafunsa kuti botolo limodzi la chiponde likudya ndalama zingati kuti lipangidwe, aliyense amayankha zakezake. Mapulogalamu otchedwa ERP anapangidwira vuto limeneli. Kugula, kusunga katundu, kupanga, kugulitsa ndi kuwerengera ndalama zimalembedwa malo amodzi, moti thumba la mtedza likalandiridwa pakhomo, onse amaliona nthawi yomweyo.

Odoo ndi imodzi mwa mapulogalamu oterewa, ndipo imakopa mabizinesi ang'onoang'ono chifukwa zolembedwa zam'kati mwake zili poyera: aliyense angazitenge, kuziika pa kompyuta yake ndi kuzisintha. Inayambitsidwa ku Belgium ndi Fabien Pinckaers mu 2005 ndi dzina loti TinyERP, kenaka inatchedwa OpenERP, ndipo dzina la Odoo linabwera mu 2014. Ilipo mitundu iwiri. Community ndi yaulere. Enterprise ndi yolipira malinga ndi chiwerengero cha anthu oigwiritsa ntchito, ndipo zigawo zake zoonjezera sizili poyera. Amene akukuuzani kuti "Odoo ndi yaulere" mufunseni kuti akunena iti, chifukwa zimene amaonetsa pokopa makasitomala nthawi zambiri zimakhala za Enterprise.

Tiyeni tione mmene imagwirira ntchito potenga fakitale yongoyerekeza yopanga chiponde m'mabotolo a magalamu 500. Mtima wa zonse ndi mndandanda umene pa kompyuta umaoneka ndi dzina loti Bill of Materials, wonena zimene zimalowa pa ulendo umodzi wopanga katundu. Tinene kuti mabotolo 100 amafuna makilogalamu 46 a mtedza, 2.5 a shuga, 1 ya mafuta ndi theka la kilogalamu la mchere, kuphatikiza mabotolo, zotsekera ndi malebulo 100. Kapitawo akatsegula Manufacturing Order ya mabotolo 100, pulogalamu imayang'ana ngati zonsezi zilipo n'kuzisungira ntchitoyo. Akaitseka, zipangizo zija zimachotsedwa m'sitoko, mabotolo 100 a chiponde amalowa, ndipo mtengo wopangira botolo lililonse umadziwerengera wokha. Mungathenso kuiuza kuti mtedza ukatsika kufika pa makilogalamu 300 izikonza oda yogulira wina. Zonsezi zimapezeka mu Community, ndipo zimagwira bwino ntchito.

Koma taonani pamene ambiri amagwera. Makilogalamu 46 aja ndi a mtedza wosankha kale, wokazinga ndi wopeta. Umene umatuluka m'sitoko ndi wauwisi, wosakanikirana ndi mphwephwa, timiyala ndi wachuku. Ukakazingidwa umapepuka chifukwa chinyezi chachoka, ndipo makoko ake amapita ndi mphepo. Tiyerekeze kuti pa makilogalamu 100 alionse pamatsala 80. Ndiye kuti kupeza 46 oyera kumafuna 57.5 auwisi. Ngati woika pulogalamu anangokopera 46 kuchokera papepala la kasakanizidwe, ulendo uliwonse makilogalamu 11.5 amachoka m'sitoko kompyuta osadziwa. Pakatha maulendo 20, kompyuta imasonyeza makilogalamu 230 omwe kulibe, matumba anayi ndi theka kupitirirako pang'ono a makilogalamu 50.

Zotsatira zake zimabwera mbali ziwiri. Kompyuta ikamanena kuti mwatsala makilogalamu 400, pansi pali 170 okha, choncho oda ija siikonzedwa ndipo tsiku lina m'mawa chigayo chimaima mtedza utatha. Mbali inayo ndi ya mtengo. Mtedza ukakhala pa K3,000 pa kilogalamu, makilogalamu 11.5 ndi K34,500 pa ulendo, kutanthauza K345 pa botolo lililonse imene mwini akuiwerengera ngati phindu pomwe inapita kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti woyamba kuganiziridwa amakhala wa kusitoko, munthu amene sanabe ngakhale kanjere.

Pali njira yosiyanitsira kuba ndi mndandanda wolakwika. Yezani matumba pa sikelo sabata iliyonse, mugawe kusiyanako ndi maulendo amene mwapanga chiponde. Yankho likamatuluka lofanana sabata ndi sabata, vuto lili mu Bill of Materials. Wakuba satenga mwa muyeso wotero. Kukonza kwake n'kugawa ntchito pawiri: mndandanda woyamba usandutse mtedza wauwisi kukhala woyera, wachiwiri usandutse woyerawo kukhala chiponde. Kapitawo azilemba makilogalamu enieni amene waona pa sikelo asanatseke oda, osangovomereza nambala imene kompyuta yamuikira. Akatero mumayambanso kuona kuti mtedza wa wogulitsa uyu umatayika wambiri kuposa wa uyo, chinthu chimene kope la kusitoko silikanakuuzani. Dziwaninso kuti Odoo, mmene imabwerera, imalola katundu kutsika kupitirira ziro. Mukaona shuga ali pa -12, wina anagwiritsa ntchito katundu amene sanalembedwe polandira.

Kwa opanga zakudya, chimene ine ndimachiona chamtengo wapatali kuposa zonse ndi kulondoloza katundu. Gulu lililonse la mtedza wolandiridwa limapatsidwa nambala yake, chimodzimodzinso gulu lililonse la chiponde, pamodzi ndi tsiku lothera ntchito. Zikapezeka kuti gulu lina la mtedza linali ndi poizoni wa chuku, mumatsegula Traceability n'kuona mabotolo amene linalowamo ndi masitolo amene anawalandira. Mumakatenga okhawo m'malo mochotsa katundu yense pamsika, ndipo a Malawi Bureau of Standards akafunsa muli ndi choonetsa. Koma izi zimatheka pokhapokha ngati matumba a magulu osiyana sakukhuthulidwa pamulu umodzi kuseri kwa fakitale.

Malire a Community amaonekera msanga ku ofesi ya ndalama. Muli gawo lolembera ma invoisi ndi kulandira malipiro, koma Accounting yathunthu, yokhala ndi malipoti apachaka okonzeka kale, ili mu Enterprise. Komwekonso kuli Quality yolembera zoyeza ubwino wa katundu, Barcode, ndi Shop Floor imene ogwira ntchito amadina ali pa makina. Bungwe la Odoo Community Association, lodziwika kuti OCA, lili ndi zigawo zaulere zotseka ina mwa mipata imeneyi, koma zimafuna munthu wodziwa kuziika ndi kuzisamala. Za misonkho musangomva kuti "zonse zilimo". Woika pulogalamuyo akuonetseni ndi maso mmene invoisi idzagwirizanirane ndi njira imene MRA ikufuna potulutsa malisiti amsonkho, ndipo wowerengera ndalama wanu akhalepo. Amene sakufuna zogawa pulogalamu pawirizi angayang'anenso ERPNext ya kampani ya Frappe ya ku India, imene zonse, kuphatikizapo zowerengera ndalama, zili poyera.

Ndiye pali funso la kumene pulogalamuyo ikhale. Pa Odoo Online kampani imasamala yokha makina, koma simungaikepo zigawo zanuzanu zolembedwa mu Python, ndipo intaneti ikaduka ntchito yolemba imaima. Pa kompyuta ya m'fakitale momwemo intaneti siivuta, koma magetsi akathima seva imafuna batire, ndipo kusunga makope kumakhala kwanu. Malipiro a Enterprise ndi a seva zakunja amafuna ndalama zakunja. Amene anali ndi mabilu otere mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, amadziwa mmene bilu imatupira usiku umodzi popanda chilichonse chasintha pa kompyuta.

Nkhani yaikulu pa thandizo ndi yakuti Odoo siima malo amodzi. Chaka chilichonse, cha m'ma Okutobala, imatuluka yatsopano, ndipo thandizo lokhazikika la kampaniyi limakhudza zitatu zomalizira zokha. Imene mwaika lero, pakatha zaka pafupifupi zitatu imakhala yatsalira. Olipira Enterprise amasamutsiridwa zolemba zawo ndi kampani, ngakhale zigawo zimene anakulemberani mwapadera zimafunabe kukonzedwa paokha. A Community amadalira OpenUpgrade ya OCA, imene imakwera sitepe imodzi imodzi: kuchoka pa 16 kupita pa 18 muyenera kudutsa pa 17. Apa m'pamene zosintha zija zimabwezera. Mwini fakitale akamati fomu iyi ifanane ndendende ndi pepala lathu lakale, batani ili lipite uko, wolemba mapulogalamu amavomera mosangalala, koma chilichonse chosinthidwa chidzalipiridwanso pa kusamuka kulikonse. Langizo langa ndi lakuti chaka choyamba musinthe kagwiridwe kanu ka ntchito kuti kagwirizane ndi pulogalamu, ndipo musinthe pulogalamu pokhapokha pamene lamulo kapena kapangidwe ka katundu wanu kakukakamizani.

Kampani ya Odoo ili ndi ofesi ku Nairobi ndi mabwenzi ovomerezeka m'maiko ambiri, koma thandizo lake ndi la olipira. Wa Community akadzuka Lolemba n'kupeza pulogalamu sikutseguka, woimbira foni ndi yemwe anamuikira uja basi. Nthawi zambiri amakhala mnyamata mmodzi waluso ndithu, amene mawa angapeze ntchito ku Joni kapena kupita kusukulu. Musanamupatse ntchito mufunseni ngati anaikapo Manufacturing pa fakitale ina, chifukwa kuika Odoo m'golosale n'kosavuta poyerekeza ndi kumvetsa chifukwa chake 46 ayenera kukhala 57.5. Pemphani kulankhula ndi wa kusitoko wa kumeneko, osati bwana yekha.

Pamgwirizano palembedwe kuti mawu achinsinsi a seva ndi a woyang'anira wamkulu ali m'manja mwa mwini fakitale, ndiponso kuti zigawo zolembedwa mwapadera ndi za fakitale ndipo kope lake lili nanu. Makope a zolemba akhale ndi mbali zonse ziwiri: nkhokwe ya PostgreSQL ndi chikwatu cha `filestore` momwe mumakhala zithunzi ndi zikalata zomatidwa. Ena amasunga yoyamba yokha, n'kudzazindikira patsiku la tsoka kuti zikalata zonse zomatidwa zapita. Tsamba la `/web/database/manager` limatha kutulutsa zonse ziwiri mu fayilo imodzi ya zip. Kopelo lisamagone pa kompyuta yomwe ija, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo mnyamata uja alibwezeretse pa makina ena inu mukuona, mutsegule oda ya sabata yatha ndi kuyerekeza manambala ake ndi a papepala la kapitawo.