Kulondera Disiki ya Seva ya Detabesi Isanadzaze

Disiki ya seva ikadzaza, pulogalamu ya MySQL imaleka kulemba n'kumadikira kuti malo apezeke. Kalaliki amene akulowetsa malisiti amangoona kompyuta yaima, osadziwa kuti vutolo linayamba masabata apitawo.

Pa seva ya Linux, malo otsala amaoneka ndi lamulo la `df -h`, koma nambala ya tsiku limodzi sithandiza kwenikweni. Chofunika ndi liwiro limene disikiyo ikudzazira, n'chifukwa chake nambalayi imalembedwa tsiku ndi tsiku pa nthawi yofanana. Tiyerekeze disiki ya magigabaiti 200 imene 150 adyeka kale. Ngati patsiku pakuwonjezeka magigabaiti 2, kwatsala masiku 25. Liwirolo likalumpha n'kufika pa 10, kwatsala masiku 5 okha, chonsecho `df` akuonetsabe 75%. Chenjezo lotcheredwa pa 90% likamadzalira, padzakhala patatsala masiku awiri.

Chimene chikudya malowo chimapezeka ndi `du -ah /var/lib/mysql`, ndipo nthawi zina si matebulo ayi, koma kaundula wa mafunso ochedwa. Iyi ndi fayilo imene MySQL imalembamo funso lililonse lopita ku detabesi limene latenga nthawi yopitirira `long_query_time`. Mongobwerera, malirewo ndi masekondi 10, omwe ndi ambiri zedi, motero oyang'anira seva amakonda kuwatsitsa:

```
SET GLOBAL slow_query_log = ON;
SET GLOBAL long_query_time = 1;
```

Fayiloyi siwerengedwa mzere ndi mzere. Lamulo la `mysqldumpslow -s t -t 10`, lotsatiridwa ndi dzina la fayiloyo, limaunjika pamodzi mafunso ofanana n'kutulutsa 10 amene adya nthawi yochuluka. Kenako, poona mafunsowo m'fayilo yeniyeniyo, maso akhale pa kusiyana kwa mizere yofufuzidwa ndi yobwezedwa. Funso lofufuza mizere 2,000,000 kuti libweze 20 kawirikawiri likusowa indekisi, ndipo limachedwerachedwera tebulo likamakula.

Kaundula yemweyu amatha kusanduka mdani. Munthu akayatsa `log_queries_not_using_indexes` n'kuiwala kuzimitsa, ngakhale mafunso othamanga amalembedwa, fayilo n'kumangofufuma usana ndi usiku.

Apa m'pamene ambiri amagwa m'mbuna. Amafufuta fayiloyo ndi `rm`, koma `df` osasintha. Chifukwa chake n'chakuti MySQL ikadali yoitsegula, ndipo Linux sabweza malo a fayilo mpaka pulogalamu imene yaigwira itaisiya. Fayilo yotereyi imaoneka ndi `lsof +L1`, ndipo malo ake amabwerera akalemba `FLUSH SLOW LOGS;` mu MySQL. Njira yabwino ndiyo kuisintha dzina kaye, kulemba lamuloli kuti MySQL itsegule yatsopano, kenako n'kufufuta yakaleyo. Ntchito imeneyi ikapatsidwa kwa `logrotate`, imachitika yokha sabata iliyonse popanda wina kuikumbukira.