Uthenga umene katswiri wa mapulogalamu amayankha

Katswiri amene walemba mapulogalamu a pakompyuta kwa zaka khumi sasaka ntchito, ntchito ndiyo imamusaka. Pa LinkedIn amalandira mauthenga kuchokera kwa osaka anthu aluso, amene makampani amawalipira akawapezera munthu. Ambiri amangoti pali mwayi wabwino pakampani yomwe ikukula, ndipo katswiri amafufuta asanafike n'kumapeto komwe.

Tiyerekeze kuti wina walemba chonchi: "Moni bambo. Kampani ya malipiro a pafoni imene yandituma ili ndi vuto. Tebulo lawo lalikulu mu PostgreSQL lafika pa nambala 1,900,000,000, ndipo tsiku lililonse mumalowa mizere 2 miliyoni. Nambalazo n'za mtundu wa `integer`. Akufuna wowatsogolera kusamukira ku `bigint` popanda kuimitsa malipiro. Ndamva kuti munagwirapo ntchito yotereyi. Kodi mungandipatseko mphindi 20?"

Kwa ife zangokhala nambala. Katswiri akangowerenga amayamba kuwerengetsera. Mzere uliwonse m'tebulo umapatsidwa nambala yakeyake, ngati malisiti, koma `integer` imathera pa 2,147,483,647. Zatsala pafupifupi 247 miliyoni, ndipo pa 2 miliyoni patsiku zitha m'miyezi inayi yokha. Zikadzatha, kompyuta idzakana kulemba malipiro atsopano. Zotere zinaigwera Basecamp, kampani ya ku Amereka, mu 2018: kwa maola angapo makasitomala ankangowerenga zakale, osatha kulemba kanthu.

Chimene chimamukoka n'chakuti njira yachidule n'njoopsa. Lamulo limodzi la `ALTER TABLE` likhoza kusintha mtunduwo, koma PostgreSQL imalembanso tebulo lonse italitseka, ndipo patebulo lalikulu chonchi malipiro angaime kwa maola. Wodziwa amatsegula danga latsopano la `bigint` pambali, n'kumakoperamo nambala zakale pang'onopang'ono ntchito ili mkati, kenako n'kusinthanitsa madanga awiriwo m'kanthawi kochepa. Matebulo ena amene amaloza ku nambalazo amafunikanso kusinthidwa, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa.

Koma si uthenga uliwonse wotchula vuto umene uli woona. Ena amangotola mawu aukatswiri pa mbiri ya munthuyo n'kuwasokerera pamodzi. Funso limodzi limawaulula: kodi ndi matebulo angati amene amaloza ku nambalazo? Wotumidwadi amayankha, kapena amati, "Ndikulumikizani ndi mkulu wa gululo mawa." Wonamizira amabwerera ku nkhani ya mwayi wabwino ija.

Dzina la kampani silinatchulidwe, ndipo n'zomveka, popeza palibe amene angalengeze kuti makina ake a ndalama atsala ndi miyezi inayi. Cholakwika mu uthengawu, kwa ine, n'kusatchula malipiro a ntchitoyo. Munthu amene ali kale pantchito yabwino ayenera kuuzidwa ndalama zake asanapereke mphindi 20 zija.