Gemu imodzi, mafoni awiri, kulumpha kosiyana

Anyamata awiri atsegula gemu imodzimodzi, wina pa foni yatsopano yamphamvu, wina pa foni yakale yotchipa. Pa siteji yachitatu pali khoma loti kamunthu ka m'gemuyo kalumphe. Wa foni yatsopano akulumpha mosavuta. Mnzakeyo wayesa kambirimbiri, koma kamunthu kake kakungogunda m'mphepete mwa khomalo n'kugwa. Anzawo akuti sadziwa kusewera, chonsecho vuto lili m'mene wolemba gemuyo anawerengera nthawi.

Pa sikirini palibe chinthu chimene chimayendadi. Foni imajambula chithunzi, n'kuchichotsa, n'kujambula china chosiyanako pang'ono, ndipo diso limaona ngati zinthu zikuyenda. Chithunzi chilichonse amachitcha felemu. Foni yabwino imajambula mafelemu 60 pa sekondi, zina 90 kapena 120. Foni yofooka, kapena imene yatentha n'kudzichepetsera yokha liwiro kuti izizire, ingatsike kufika pa 30 kapena 20. Pakati pa felemu ina ndi inzake, pulogalamu imayenera kuyankha funso limodzi: kamunthu aka kasunthe mtunda wotalika bwanji?

Yankho la akatswiri oyambirira linali losavuta: felemu iliyonse, sunthani mtunda womwewo. Zinkatheka chifukwa gemu inkalembedwera makina amodzi okha. Space Invaders, imene Tomohiro Nishikado anapangira kampani ya Taito ku Japan mu 1978, ndi chitsanzo chotchuka. Adani amakhalapo 55, ndipo makinawo amasuntha mdani mmodzi pa felemu iliyonse. Onse akadalipo, pamapita pafupifupi sekondi yathunthu kuti gulu lonse liponde kamodzi. Wosewera akamawapha, otsalawo amachita changu, ndipo womaliza amathamanga koopsa. Pamenepo kudalira felemu kunabala chinthu chokoma.

Kwina kunabala mavuto. Mawailesi akanema a ku America ndi ku Japan ankasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene a ku Ulaya ankasintha ka 50. Motero ana a ku Ulaya amene ankasewera Sonic the Hedgehog ya 1991 pa makina a Sega ankasewera gemu yochedwa ndi pafupifupi 17 peresenti, nyimbo zake zomwe, ambiri osadziwa n'komwe. Kamunthu koyenda mapikiselo 5 pa felemu kamayenda mapikiselo 300 pa sekondi pa foni ya mafelemu 60, 150 pa foni ya 30, ndi 600 pa foni ya 120.

Mankhwala oyamba, amene aliyense wophunzira kulemba magemu amakumana nawo msanga, ndi kuyeza nthawi imene yadutsa kuchokera pa felemu yapitayo. Nthawi imeneyi amaitcha delita taimu, ndipo mu pulogalamu yopangira magemu ya Unity imalembedwa `Time.deltaTime`. Liwiro silinenedwanso kuti mwakuti pa felemu, koma mwakuti pa sekondi:

```
x += liwiro * dt;
```

Felemu ikachedwa, `dt` imakula ndipo kamunthu kamaponda patali. Ikafulumira, kamaponda pafupi. Pa mafelemu 60, liwiro la 300 limapereka masitepe 60 a mapikiselo 5. Pa mafelemu 30, masitepe 30 a mapikiselo 10. Sekondi ikatha onse afika pamodzi. Ambiri amalekera pomwepa poganiza kuti nkhani yatha, ndipo pa kuyenda kwa liwiro losasintha yathadi.

Koma kulumpha si kuyenda kwa liwiro losasintha. Kamunthu kakanyamuka pansi, mphamvu yokokera pansi imayamba kukadya liwiro mphindi iliyonse mpaka kaime m'mwamba n'kuyamba kugwa. Pulogalamu siingatsate kusintha kosalekeza kumeneku. Imangoyang'ana liwiro kamodzi pa felemu, n'kuganiza kuti linali lomwelo felemu yonseyo:

```
vy -= g * dt;
y  += vy * dt;
```

Tiyeni tiike manambala. Kamunthu kanyamuka pa liwiro la mamita 10 pa sekondi, ndipo mphamvu yokokera pansi m'gemuyo ndi 20, kutanthauza kuti sekondi iliyonse liwirolo limachepa ndi 20. Masamu a kusekondale amati kadzakwera kwa theka la sekondi n'kufika mamita 2.5. Foni ya mafelemu 20 pa sekondi imaduladula theka la sekondilo m'masitepe 10 okha. Pa sitepe yoyamba imachotsa 1 pa liwiro, kutsala 9, n'kuyendetsa kamunthu sitepe yonseyo pa 9, pamene kwenikweni liwiro linayambira pa 10 n'kumatsika pang'onopang'ono. Sitepe iliyonse imabera kamunthuko pang'ono, ndipo zoberedwazo zikaphatikizidwa kamafika mamita 2.25 basi. Foni ya mafelemu 30 imakafikitsa pa 2.33, ya 60 pa 2.42, ya 120 pa 2.46.

Tsopano wopanga gemu, amene amayesera pa kompyuta yake ya mafelemu 60, waika khoma la mamita 2.4. Kwa iye likulumphika, ngakhale movutirapo, ndipo n'zimene amafuna. Kwa mnyamata wa foni yakale uja khomalo silidzalumphika mpaka kalekale. Delita taimu ilipo, yalembedwa molondola, koma gemu ikukondera.

Zimenezi sizigwera ophunzira okha. Mu Quake III Arena, imene kampani ya id Software inatulutsa mu 1999, osewera anatulukira kuti akaika mafelemu pa 125 ndi lamulo la `com_maxfps 125`, amalumpha patali pang'ono kuposa anzawo, chifukwa cha mmene gemuyo inkadulira manambala a liwiro pa felemu iliyonse. Malo ena okwera ankafikika ndi okhawo odziwa chinsinsichi. Pambuyo pake opangawo anawonjezera `pmove_fixed` kuti kayendedwe ka wosewera kaziwerengedwa pa masitepe ofanana. Dark Souls II, ya mu 2014, inadabwitsa osewera pa kompyuta chifukwa zida zawo zinkatha msanga pa mafelemu 60 kuposa za anzawo osewera pa mafelemu 30: lupanga likalowa m'thupi la mdani, kuwonongeka kwake kunkawerengedwa pa felemu iliyonse imene lakhalamo.

Palinso vuto la kubowola makoma. Mpira wothamanga mamita 30 pa sekondi umasuntha theka la mita pa felemu ngati mafelemu ali 60, koma mita imodzi ndi theka ngati ali 20. Khoma lochindikala mita imodzi lidzaugwira pa foni yoyamba. Pa yachiwiri, mpira ungakhale kutsogolo kwa khoma pa felemu ino n'kupezeka kuseri kwake pa yotsatira, pulogalamu osaona kuti zakhudzana. Choopsa kwambiri n'chakuti foni ikangodukiza kamodzi kokha, mwina chifukwa uthenga walowa, `dt` imakula mwadzidzidzi, ndipo wosewera amangoona kamunthu kake kalowa pansi pa nthaka.

Njira imene akatswiri ambiri amadalira ndi ya sitepe yokhazikika, imene Glenn Fiedler anaifotokoza m'nkhani yake yodziwika bwino yotchedwa Fix Your Timestep. Ganizo lake ndi kulekanitsa ntchito ziwiri zimene zinali zitamangidwa pamodzi: kujambula, ndi kuwerengera kayendedwe ka zinthu. Kujambula kuchitike pa liwiro lililonse limene foni ingakwanitse. Kuwerengera kuchitike pa muyeso umodzi wosasintha, monga masekondi 0.02. Zili ngati wogulitsa nyemba pamsika amene ali ndi mbale imodzi yoyezera: kaya mwabweretsa thumba kaya kajumbo, amayeza ndi mbale yomweyo, ndipo zosadzaza mbale zimadikira kuti ziphatikizidwe ndi zobwera.

```
nkhokwe += dt;
while (nkhokwe >= 0.02) {
    yendetsa(0.02);
    nkhokwe -= 0.02;
}
jambula();
```

Foni ya mafelemu 20 imabweretsa masekondi 0.05 pa felemu. Pulogalamu imatapa masitepe awiri, kutsala 0.01. Felemu yotsatira nkhokwe ili ndi 0.06, imatapa atatu. Foni ya mafelemu 120 imabweretsa pafupifupi 0.008, ndiye mafelemu ambiri amadutsa popanda sitepe ina iliyonse. Koma sekondi ikatha, mafoni onsewo awerengera masitepe 50 ofanana ndendende, ndipo kamunthu kathu kafika mamita 2.4 pa onse awiri. Sikanafikebe pa 2.5 ya m'buku, koma zimenezo zilibe kanthu. Chofunika n'chakuti kulakwako n'kofanana kwa aliyense, ndipo wopanga gemu angayeze makoma ake motsatira nambala imeneyo. Unity imagwiritsa ntchito masekondi 0.02 omwewa mu `FixedUpdate` ngati munthu sanasinthe, Godot imaponda ka 60 pa sekondi mu `_physics_process`, ndipo dziko la Minecraft limaponda ka 20 kokha ngakhale sikirini ikujambula mafelemu mazana.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Choyamba ndi kunjenjemera. Masitepe 50 sagawika bwino m'mafelemu 60, choncho pa mafelemu asanu ndi limodzi aliwonse, imodzi imajambula kamunthu pamalo pomwe kanali kale, ndipo diso limaona kadzidzi kameneka. Mankhwala ake ali m'zotsala za m'nkhokwe zija. Ngati mwatsala 0.01, ndiye kuti nthawi yeniyeni ili pakati pa sitepe, ndipo kamunthu kamajambulidwa pakatikati pa malo ake awiri omaliza. Chithunzi chimasalala, koma chimatsalira m'mbuyo ndi sitepe imodzi, kuchedwa kochepa kumene magemu ambiri amavomera.

Chachiwiri n'choopsa kwa foni yofooka. Tiyerekeze kuti sitepe ya masekondi 0.02 ikuitengera foniyo masekondi 0.03 kuti iwerengere. Pomaliza sitepe imodzi, m'nkhokwe mwalowa nthawi yoposa imene yatuluka. Felemu yotsatira ikufuna masitepe ochuluka, amene akutenga nthawi yochulukirapo, mpaka gemu imaumiratu. Olemba magemu amateteza zimenezi poika malire pa nthawi yolowa m'nkhokwe, mwachitsanzo kuti `dt` isapitirire 0.25. Zikatero gemu imayenda mochedwa pa foniyo m'malo mouma, ndipo kulumpha kumakhalabe kofanana. Kumeneku n'kusankha kwabwino: gemu yochedwa imaseweredwa ndithu, pamene khoma losalumphika limathetsa masewero.

Sikuti delita taimu njoti itayidwe. Kamera yotsata wosewera, utsi, mitambo, mabatani otsetsereka pa sikirini, zonsezi zimayenda bwino nayo, chifukwa kusiyana kwa masentimita ochepa sikusintha amene wapambana. Chimene chiyenera kupita pa sitepe yokhazikika ndi chilichonse chokhudza malamulo a masewero: kulumpha, kugundana, zipolopolo, kutha kwa zida. Kudina kwa batani nakonso kumafuna kusamala. Kuziwerengedwa pa felemu iliyonse n'kusungidwa mpaka sitepe yotsatira, apo ayi pa foni yothamanga kudina kwina kudzagwera pa felemu yopanda sitepe n'kutayika.

Wofuna kudziwa ngati gemu yake ili ndi matendawa safunika kugula mafoni khumi. Aikire gemuyo malire a mafelemu 20, alumphe, alembe nambala yaikulu imene `y` yafika. Kenako achite chimodzimodzi pa 60 ndi pa 120. Manambala atatuwo akasiyana, kayendedwe kadakali komangirira ku felemu. Pomaliza aimitse dala pulogalamu kwa theka la sekondi mpira uli pafupi ndi khoma, aone mbali imene upezeke.